Mafunso ndi mayankho: mmene mtengo wa BST umasungira deta mwadongosolo

Mafunso ali pansipa ndi amene amabwerabwera kwa anthu amene ayamba kumene kuphunzira kasungidwe ka deta m'mapulogalamu a kompyuta. Mayankho onse azungulira pa mtengo umodzi wa manambala 10, choncho ndi bwino kuukopera papepala n'kumaulondola ndi pensulo pamene mukuwerenga. Khodi yonse ili mu Python.

Kodi mtengo ndi chiyani pa nkhani ya deta?

Ndi njira yosanjira zinthu m'mene chilichonse chimakhala ndi kholo limodzi lokha, kupatula chimodzi chapamwamba kwambiri chimene chilibe kholo. Chapamwambacho timachitcha muzu. Chinthu chilichonse mumtengo timachitcha nodi. Nodi imene ili ndi zina pansi pake ndi kholo, zapansizo ndi ana, ndipo nodi yopanda mwana ndi tsamba. Nodi ina iliyonse mukaitenga pamodzi ndi ana ake, zidzukulu ndi onse apansi pake, mwatenga nthambi, ndipo nthambiyo payokha ndi mtengonso. Pojambula, muzu timauika pamwamba, masamba pansi.

Mafoda a pa kompyuta yanu ndi mtengo: foda yaikulu ili ndi mafoda ena m'kati, nawonso ali ndi mafayilo. Tsamba la pa intaneti nalonso kompyuta imaliona ngati mtengo, `<html>` pamwamba, `<head>` ndi `<body>` pansi pake. Kuchoka pa muzu kukafika pa nodi iliyonse pali njira imodzi yokha, ndipo mukamatsika simungabwererenso pamalo pamene munadutsa kale.

Nanga BST ikusiyana pati ndi mitengo inayi?

BST, chidule cha binary search tree, ndi mtengo wofufuzira umene nodi yake iliyonse imakhala ndi ana osaposa awiri, wakumanzere ndi wakumanja. Nodi iliyonse imasunga kiyi, chimene ndi chinthu chomwe tingachiyerekeze ndi chinzake n'kunena kuti chaching'ono ndi chiti: nambala, dzina, tsiku. Lamulo lake ndi limodzi. Pa nodi iliyonse, makiyi onse a m'nthambi yakumanzere ndi ochepa kuposa kiyi ya nodiyo, ndipo makiyi onse a m'nthambi yakumanja ndi oposa.

Tiyeni tilowetse manambala awa motsatizana: 47, 23, 71, 12, 36, 58, 89, 30, 41, 64. Woyamba, 47, akhala muzu. 23 ndi wochepa kuposa 47, apita kumanzere. 71 apita kumanja. 12 ndi wochepa kuposa 47, watsikira kumanzere, wapeza 23, ndi wochepanso, wakhala kumanzere kwa 23. 36 watsikira kumanzere kwa 47 koma ndi wamkulu kuposa 23, ndiye wakhala kumanja kwake. Mukapitiriza chomwecho mpaka pa 64, mtengo utuluka chonchi:

```
          47
        /    \
      23      71
     /  \    /  \
   12   36  58   89
       /  \   \
      30  41   64
```

Palibe pamene tinaima n'kusanja manambalawa. Nambala iliyonse inangofunsa funso limodzi pa nodi iliyonse imene inakumana nayo, mpaka inafika pamalo opanda kanthu n'kukhala pomwepo.

Kodi kufufuza nambala kumayenda bwanji?

Kumatsata njira yomweyo. Tifufuze 41. Pa 47 tikhotera kumanzere, pa 23 kumanja, pa 36 kumanja, ndipo tamupeza titayerekeza kanayi. Taonani zimene zachitika pa sitepe yoyamba: titangoona kuti 41 ndi wochepa kuposa 47, manambala 71, 58, 89 ndi 64 tawasiya osawayang'ana n'komwe. Sitinawasiye mongoganizira. Lamulo lija likutitsimikizira kuti mbali imeneyo kulibe nambala yochepera 47.

Tsopano tifufuze 60, amene mulibe. Pa 47 kumanja, pa 71 kumanzere, pa 58 kumanja, pa 64 kumanzere, ndipo kumeneko kulibe nodi. Tikhoza kunena molimba mtima kuti 60 mulibe mumtengo wonse, ngakhale taona manodi anayi okha. Malo opanda kanthu amene tathera aja ndi omwewo amene 60 angakhale tikafuna kumulowetsa. N'chifukwa chake khodi yolowetsera imafanana kwambiri ndi yofufuzira:

```python
class Nodi:
    def __init__(self, kiyi):
        self.kiyi = kiyi
        self.manzere = None
        self.manja = None

def ika(nodi, kiyi):
    if nodi is None:
        return Nodi(kiyi)
    if kiyi < nodi.kiyi:
        nodi.manzere = ika(nodi.manzere, kiyi)
    elif kiyi > nodi.kiyi:
        nodi.manja = ika(nodi.manja, kiyi)
    return nodi
```

Mzere womaliza uja, `return nodi`, ndi umene ambiri amaiwala. Ukasowa, fankishoni imabweza `None`, kholo limalemba `None` pamalo a mwana wake, ndipo nthambi yonse imadukiratu. Chizindikiro chake n'chakuti mwalowetsa manambala ambirimbiri koma mukasindikiza mtengo mukupezamo imodzi kapena simukupezamo kanthu.

Dongosolo lenilenilo lili pati? Ndikayang'ana chithunzi sindikuona manambala ali pamzere.

Lili m'maonekedwe a mtengowo. Mukajambula mtengowo motambasula, nthambi yonse yakumanzere ili kumanzere kwa kholo lake ndipo yonse yakumanja ili kumanja kwake, n'kugwetsera nodi iliyonse pansi mowongoka, manambala agwera pamzere umodzi kuyambira wamng'ono kumanzere mpaka wamkulu kumanja. Pulogalamu imachita zomwezo potsata masitepe atatu pa nodi iliyonse: iyambe yamaliza nthambi yonse yakumanzere, kenako itchule nodiyo, ndiyeno ipite ku nthambi yakumanja. M'mabuku ndi m'makhodi kayendedwe aka mudzakapeza ndi dzina loti `inorder`.

```python
def inorder(nodi):
    if nodi is not None:
        inorder(nodi.manzere)
        print(nodi.kiyi)
        inorder(nodi.manja)
```

Tikayamba pa 47, sitimutchula msanga, tiyenera kumaliza kaye kumanzere kwake. Tafika pa 23, nayenso adikire. Tafika pa 12, kumanzere kwake kulibe kanthu, ndiye 12 ndi woyamba kutchulidwa. Tabwerera pa 23, tamutchula, talowa kumanja kwake pa 36, amene akudikira 30. Ndiye 30, 36, 41. Apa nthambi yonse yakumanzere kwa muzu yatha, 47 watchulidwa, n'kutsatira 58, 64, 71, 89. Zotuluka zonse ndi 12, 23, 30, 36, 41, 47, 58, 64, 71, 89.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Nodi iliyonse imatchulidwa onse ochepa kuposa iyo a m'nthambi yake atatchulidwa kale, ndiponso onse oiposa asanatchulidwe. Zikakhala choncho pa nodi iliyonse, mzere wonse sungalephere kukhala wosanjika. Kuchokera pomwepa mukhoza kuonanso kuti nambala yaing'ono kwambiri imapezeka potsikira kumanzere mpaka njira itatha, ndipo yaikulu kwambiri potsikira kumanja.

Ngati mwana wakumanzere ndi wochepa, wakumanja ndi wamkulu pa nodi iliyonse, si ndiye kuti mtengo uli bwino?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, ngakhale amene akhala akulemba mapulogalamu kwa nthawi ndithu. Lamulo silikunena za ana okha. Likunena za nthambi yonse, zidzukulu ndi zidzukulutudzi zomwe.

Tiyerekeze kuti wina wapachika 50 kumanja kwa 41. Mukaona nodi ziwirizo zokha, palibe cholakwika, 50 ndi wamkulu kuposa 41 ndipo ali kumanja. Mukayendera makolo onse mumtengo n'kumayerekeza aliyense ndi ana ake, simupeza vuto paliponse. Koma 50 ali m'nthambi yakumanzere kwa 47, pamene iye ndi wamkulu kuposa 47. Mufufuzeni tsopano: pa 47 mukhotera kumanja, pa 71 kumanzere, pa 58 kumanzere, n'kupeza palibe kanthu. Pulogalamu ikuuzani kuti 50 mulibe, chonsecho ali momwemo. Vuto lotere ndi loipa chifukwa silichita phokoso. Pulogalamu siigwa, imangopereka yankho labodza.

Kaganizidwe kothandiza ndi aka: malo aliwonse mumtengo ali ndi malire awiri, apansi ndi apamwamba, amene amachokera kwa makolo onse a panjira. Kuti tifike pa 41 tinakhotera kumanzere pa 47, kutanthauza kuti chilichonse cha kuno chisafike 47. Tinakhotera kumanja pa 23 ndi pa 36, kutanthauza kuti chipose 36. Choncho kumanja kwa 41 kungakhale manambala a pakati pa 41 ndi 47 basi. Kumanzere kwa 64 kungakhale a pakati pa 58 ndi 64. Kukhotera kumanzere kumatsitsa malire apamwamba, kukhotera kumanja kumakweza malire apansi, ndipo mpata umanka nuchepa pamene mukutsika. Fankishoni yoyeza mtengo iyenera kunyamula malirewo:

```python
def uli_bwino(nodi, pansi=None, pamwamba=None):
    if nodi is None:
        return True
    if pansi is not None and nodi.kiyi <= pansi:
        return False
    if pamwamba is not None and nodi.kiyi >= pamwamba:
        return False
    return (uli_bwino(nodi.manzere, pansi, nodi.kiyi)
            and uli_bwino(nodi.manja, nodi.kiyi, pamwamba))
```

Njira ina yachidule ndi kuyendetsa `inorder` n'kuona ngati nambala iliyonse ikuposa imene yatuluka isanabwere iyo. Mu mtengo wowonongeka uja mudzaona 41, 50, 47, ndipo pomwepo mwagwira wakuba.

Kuchotsa nodi kumavuta chifukwa chiyani?

Chifukwa polowetsa, nodi yatsopano imakhala tsamba nthawi zonse, siisuntha wina aliyense. Pochotsa, nodi ikhoza kukhala pakati, ili ndi ana oidalira. Pali mitundu itatu ya nkhaniyi, ndipo pa chitsanzo chilichonse tiziyambira pa mtengo wathu woyamba uja.

Kuchotsa tsamba, monga 12, n'kungouza 23 kuti kumanzere kwake tsopano kuli `None`. Kuchotsa nodi ya mwana mmodzi, monga 58, nakonso sikuvuta: 64 akwera n'kukhala kumanzere kwa 71. Dongosolo silisokonekera chifukwa 64 anali kale m'malire a malowo, pakati pa 47 ndi 71.

Ya ana awiri ndiye imafuna mutu. Tichotse 23. Malo ake sangakhale opanda kanthu, pakuti 12 ndi nthambi ya 36 onse apachikika pomwepo. Tikufuna nambala imene ikuposa onse akumanzere koma ndi yochepa kuposa onse otsala kumanja. Nambala yotero ndi imene imabwera 23 akangotchulidwa pa mzere wosanjika uja, yomwe ndi 30. Poipeza timapita kumanja kamodzi, pa 36, kenako kumanzere mpaka njira itatha. Tikopera 30 pamalo a 23, n'kuchotsa 30 wakale uja, amene ndi tsamba. Mzere ukhala 12, 30, 36, 41, 47 ndi ena aja, wosanjika ngati kale.

Tsopano chovutirapo, tichotse muzu weniweniwo, 47. Kumanja kamodzi tafika pa 71, kumanzere tafika pa 58, kumanzere kwa 58 kulibe kanthu. Ndiye wolowa m'malo ndi 58. Koma 58 si tsamba, ali ndi mwana kumanja, 64. Amene amalemba khodi mothamanga amakopera 58 pa muzu n'kulemba `None` kumanzere kwa 71, ndipo 64 amasowa osatsanzika. Choyenera n'kuchotsa 58 wakale monga nodi ya mwana mmodzi, 64 akwere:

```
          58
        /    \
      23      71
     /  \    /  \
   12   36  64   89
       /  \
      30  41
```

Wolowa m'malo sangakhale ndi mwana kumanzere, chifukwa akanakhala naye tikanapitiriza kutsika. Choncho kumuchotsa pamalo ake akale kumagwera pa mitundu iwiri yosavuta ija nthawi zonse. Mukhozanso kutenga wa mbali inayo, wamkulu kwambiri wa m'nthambi yakumanzere, amene pa 47 akanakhala 41. Zonse ziwiri n'zolondola. Kachotsedwe aka kamadziwika ndi dzina la Thomas Hibbard, amene anakafotokoza mu 1962.

Amati BST ndi yachangu. Yachangu motani?

Ntchito ya kufufuza, kulowetsa ndi kuchotsa imalingana ndi msinkhu wa mtengo, kutanthauza kuchuluka kwa mizere kuchokera pa muzu kufika pa tsamba lakutali kwambiri. Mtengo wathu uli ndi mizere 4, choncho palibe nambala imene ingafune kuyerekeza koposa kanayi. Mu mtengo wodzaza bwino, mzere uliwonse umanyamula manodi owirikiza kawiri a mzere wapamwamba pake: 1, 2, 4, 8, 16. Mizere 10 imakwana manodi 1,023, ndipo mizere 20 imakwana 1,048,575. Ndiye kuti m'makiyi 1 miliyoni mukhoza kupeza iliyonse mutayerekeza kosaposa ka 20. Izi ndi zimene amatanthauza akalemba `O(log n)`.

Koma mawu oti wodzaza bwino musawadumphe. Lamulo la BST limalonjeza dongosolo lokha, silinena kanthu za msinkhu.

Nanga zimatheka bwanji kuti BST ichedwe?

Tengani manambala 10 omwe aja, muwalowetse atasanjika kale: 12, 23, 30, 36 mpaka 89. Muzu ndi 12. 23 apita kumanja kwake. 30 adutsa 12, adutsa 23, akhala kumanja. Aliyense wobwera ndi wamkulu kuposa onse amene alimo, ndiye palibe amene akhotera kumanzere. Mtengo umene unayenera kutambasuka ngati wa mango wasanduka nsungwi, mfundo pamwamba pa mfundo, mizere 10. Lamulo silinaphwanyidwe paliponse, `uli_bwino` ivomera, `inorder` itulutsa mzere wosanjika. Koma 89, amene poyamba tinkamupeza titayerekeza katatu, tsopano akufuna ka 10.

Pa manambala 10 palibe angadandaule. Pa 1 miliyoni, kufufuza womaliza kumafuna kuyerekeza ka 1 miliyoni m'malo mwa ka 20, ndipo kungomanga mtengowo kumafuna kuyerekeza pafupifupi ka 500 biliyoni, chifukwa wobwera aliyense amadutsa onse amene anabwera iye asanafike. Chowawa n'chakuti deta yosanjika kale si yachilendo ayi, ndi imene imachulukira pa ntchito. Manambala a malisiti amakwera motsatizana, masiku amabwera motsatizana, mndandanda wa mayina wochokera ku ofesi nthawi zambiri umafika utasanjidwa kale ndi afabeti. Deta ikabwera mosakanikirana bwino, BST wamba imachita bwino ndithu: pa makiyi 1 miliyoni kufufuza kumatenga kuyerekeza pafupifupi ka 26 tikatengera pakatikati. Ndiye wophunzira amayesa pulogalamu yake ndi manambala ongotola, zonse zikuyenda, n'kudzaona zina tsiku limene walowetsa fayilo yeniyeni.

Kuzindikira kwake sikuvuta. Yezani msinkhu wa mtengo n'kuufananitsa ndi chiwerengero cha manodi. Manodi 1,000 a msinkhu 25 palibe chodetsa nkhawa, koma a msinkhu 900 ndiye kuti zavuta. Mu Python chizindikiro chimabwera chokha, chifukwa fankishoni yodziitana yokha imaloledwa kuzama pafupifupi ka 1,000 ngati simunasinthe malirewo. Mukalowetsa manambala osanjika oposa pamenepo ndi `ika` yathu ija, mudzalandira `RecursionError`. Kukweza malirewo ndi `sys.setrecursionlimit` kumangobisa matenda, mtengo umakhalabe wopendekeka.

Ngati deta yonse muli nayo kale ndipo ndi yosanjika, mankhwala ake ndi apafupi: tengani nambala yapakati ikhale muzu, yapakati ya theka lakumanzere ikhale mwana wakumanzere, yapakati ya theka lakumanja ikhale wakumanja, n'kumapitiriza chomwecho. Mtengo utuluka waufupi mmene ungathere.

Nanga ngati deta ikubwera pang'onopang'ono, sindikudziwa kuti ibwera motani?

Apa ndiye pamafunika mitengo yodziwongola yokha. Chida chake chachikulu ndi kutembenuza, kumene kumasintha maonekedwe a nthambi koma osakhudza dongosolo. Tione pa nthambi ya 23 ya mtengo wathu. Mbali yake yakumanja ndi yolemerako, ndiye tikufuna 36 akwere, 23 atsikire kumanzere kwake.

```
    23                 36
   /  \               /  \
 12    36     =>    23    41
      /  \         /  \
     30  41       12   30
```

Amene wasamuka kholo ndi 30. Poyamba anali kumanzere kwa 36, tsopano ali kumanja kwa 23. Malo onse awiriwa ali ndi malire ofanana, pakati pa 23 ndi 36, n'chifukwa chake kusamukako n'kololedwa. Werengani mitengo yonse iwiri ndi `inorder`, mupeza 12, 23, 30, 36, 41. Ngakhale pansi pa 30 pakanakhala manodi masauzande, akanasamuka naye limodzi posintha mapointa atatu okha, zolozera zimene zimalumikiza kholo ndi mwana. Pachitsanzo ichi msinkhu sunasinthe, koma 41 akanakhala ndi mwana, kutembenuzaku kukanachotsa mzere umodzi.

Funso lotsala n'lakuti titembenuze liti. Yankho loyamba linachokera ku Soviet Union mu 1962, kwa Georgy Adelson-Velsky ndi Evgenii Landis, ndipo mtengo wawo umatchedwa AVL potengera zilembo za mayina awo. Lamulo lawo n'lakuti pa nodi iliyonse msinkhu wa nthambi yakumanzere ndi wa yakumanja zisasiyane ndi mizere yoposa umodzi. Mukalowetsa 12, 23, 30 mu AVL, 30 akangofika, 12 amapezeka ali ndi mizere iwiri kumanja, kumanzere kulibe. Nthawi yomweyo mtengo umatembenuka, 23 akhala pamwamba, 12 ndi 30 m'mbali mwake. AVL ya makiyi 1 miliyoni siingapose mizere 28, zibwere motani zibwere.

Wina wotchuka ndi mtengo wa manodi ofiira ndi akuda, umene Leonidas Guibas ndi Robert Sedgewick anaufotokoza mu 1978 pomanga pa ntchito ya Rudolf Bayer ya mu 1972. Uwu ndi womasukirako, pa makiyi 1 miliyoni sungapose mizere 40, koma umatembenuza kochepa pochotsa. Ndi umene uli m'kati mwa `TreeMap` ya Java, ndi umene kawirikawiri umakhala m'kati mwa `std::map` ya C++, ndipo mu Linux umagwiritsidwa ntchito m'malo ambiri. Kunena zoona, AVL ndi yabwino kuilemba nokha kamodzi kuti mumvetse kutembenuza. Koma pa ntchito ya malipiro gwiritsani ntchito yolembedwa kale, chifukwa kuchotsa nodi mu mtengo wa ofiira ndi akuda kuli ndi tinjira tambiri tolakwitsa.

Makiyi awiri akafanana zimatha bwanji?

Muyenera kusankha nokha n'kukhazikika pa chimene mwasankha. `ika` yathu ija ikapeza kiyi ilimo kale imangoisiya. Ena amaika kawerengero pa nodi, kuti 36 akabweranso nodi yake ingolemba kuti alipo awiri. Ena amatumiza ofanana onse mbali imodzi, koma njira iyi imavuta kutembenuza kukayamba, chifukwa ofananawo akhoza kupezeka mbali zonse ziwiri.

Chochenjera nacho ndi ichi. Mtengo sudziwa kuti zinthu ziwiri ndi zosiyana kupatula kudzera m'kuyerekeza kumene mwaupatsa. Mukasunga ophunzira mu `TreeSet` ya Java n'kuiuza kuti iziwayerekeza ndi malikisi okha, ophunzira awiri amene onse apeza 64 idzawaona ngati munthu mmodzi, ndipo wachiwiriyo salowa. Kalasi ya ana 60 n'kutuluka ndi mayina 41, popanda uthenga uliwonse wa vuto. Kukonza kwake n'kuwonjezera chosiyanitsa chachiwiri: malikisi akafanana, yerekezani nambala ya wophunzira.

Kodi ndingasinthe kiyi ya nodi imene ili kale mumtengo?

Osatero. Mukasintha 41 kukhala 50 pomwe ali pomwepo, mwapanga vuto lija la nambala yopezeka kunja kwa malire ake. Ichotseni kaye, n'kulowetsa yatsopano. Zina zimene nodi yanyamula, zomwe sizilowa m'kuyerekeza, sinthani mmene mungafunire.

Nanga makiyi akakhala mawu, osati manambala?

Mtengo umagwira ntchito chimodzimodzi, koma dongosolo limene mupeze ndi la kompyuta, osati la m'mutu mwanu. Python imayerekeza mawu chilembo ndi chilembo potsata nambala imene chilembo chilichonse chinapatsidwa mu Unicode. Zilembo zazikulu zonse za A mpaka Z zimabwera zazing'ono zisanayambe, choncho `"Zomba"` amatsogola `"balaka"`. Manambala osungidwa ngati mawu nawo amapusitsa: `"10" < "9"` imapereka `True`, chifukwa 1 amabwera 9 asanabwere.

Ife olemba Chichewa tili ndi chathuchathu, chilembo cha ŵ. Nambala yake mu Unicode ili kutali kupitirira z, ndiye mawu okhala ndi ŵ sakhala pafupi ndi anzake a w. `"Malawi"` ndi `"Malaŵi"` ndi makiyi awiri osiyana, ndipo `"Malaya"` amagwera pakati pawo. Kuwonjezera apo ŵ akhoza kulembedwa ngati chilembo chimodzi kapena ngati w wotsatiridwa ndi kachizindikiro kapamutu, pa sikirini n'kumaoneka chimodzimodzi. Musanalowetse mawu mumtengo, akonzeni onse akhale a kalembedwe kamodzi, mwachitsanzo ndi `unicodedata.normalize` ndi `casefold`, ndipo mawu ofufuzira muziwakonza mwanjira yomweyo.

Python ili ndi `dict`, Java ili ndi `HashMap`. Mtengo ndi wa chiyaninso?

Ngati funso lanu n'lakuti kiyi yakuti ilimo kapena mulibe, basi, gwiritsani ntchito zimenezo, nthawi zambiri ndi zachangu kuposa mtengo. Koma sizisunga makiyi mosanjika ndi kukula kwake, ndiye mafunso ena sizingayankhe popanda kuyendera chilichonse. Mtengo umawina pa mafunso a malire: wamng'ono kwambiri ndani, wotsatira 41 ndani, ndi manambala ati ali pakati pa 30 ndi 60.

Tiyankhe lomalizali pa mtengo wathu. 47 ali m'kati mwa malire, ndiye tiyang'ane mbali zonse. 23 ndi wochepa kuposa 30, choncho nthambi yake yonse yakumanzere tiisiye, tipite kumanja kumene tipeza 30, 36 ndi 41. Mbali inayo 71 waposa 60, ndiye kumanja kwake kulibe chathu. Kumanzere kwake kuli 58, amene alowa, ndi 64, amene satero. Yankho ndi 30, 36, 41, 47, 58, litasanjika kale. Tadumpha 12 ndi 89 okha chifukwa mtengo ndi waung'ono, koma pa mtengo waukulu nthambi zodumphidwazo zimakhala pafupifupi deta yonse.

Mndandanda wamba wosanjika nawonso umayankha mafunso amenewa mwachangu, ndipo Python ili ndi `bisect` ya ntchito yomweyo. Vuto lake limabwera polowetsa chinthu pakati, chifukwa zonse za kutsogolo kwake zimayenera kusendera malo amodzi. Ngati deta yanu siisinthasintha, mndandanda wosanjika ukukwanirani. Mtengo umapindula pamene kulowetsa, kuchotsa ndi kufufuza zikuchitika mosakanikirana tsiku lonse.

Kodi madetabesi amagwiritsa ntchito BST?

Amagwiritsa ntchito m'bale wake, mtengo wa B, umene Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaupanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 akugwira ntchito ku kampani ya Boeing. Deta ikakhala pa diski, chodula si kuyerekeza koma kukatenga nodi, chifukwa diski imawerengedwa m'zigawo za mabaiti masauzande angapo nthawi imodzi. Kutsika mizere 20 kungatanthauze kupita ku diski ka 20. Choncho nodi ya mtengo wa B imasunga makiyi ambiri osanjika, nthawi zina mazanamazana, ndipo mpata uliwonse pakati pa makiyi awiri uli ndi nthambi yake. Nodi yokhala ndi 23, 47 ndi 71 imakhala ndi nthambi zinayi: ochepera 23, a pakati pa 23 ndi 47, a pakati pa 47 ndi 71, ndi oposa 71. Ndi malire omwe aja, angochuluka pa nodi imodzi. Nodi iliyonse ikakhala ndi ana 100, mizere 3 imakwana makiyi pafupifupi 1 miliyoni. Mukalemba `CREATE INDEX` mu SQLite kapena PostgreSQL osatchula mtundu wina, chimene chimamangidwa ndi mtengo wa mtundu umenewu.